Wailesi ya Chipinda Chapakati

Chaka chimene Ababa anayamba kugona chokhala, tinkachita lendi ku Maglas, ku Zvishavane m'dziko la Zimbabwe, m'zipinda zitatu zimene mwini nyumba anamanga kuseri kwa nyumba yake yaikulu. Ife tinali m'chipinda cha kumapeto, ine ndi Ababa, nsalu itapachikidwa pakati. Makoma a zipindazo sankafika ku malata. Pamwamba pankatsala mpata wolowa dzanja, moti mnzako akamakazinga anyezi, misozi imatuluka kwa iwe.

Ababa anagwira ntchito pansi pa migodi kuyambira ali mnyamata, ndipo chimene anatulukako nacho chinali chifuwa. Usiku akangoti agone chagada, chifuwa chija chinkawadzutsa. Ankakhala pabedi atatsamira khoma, kutsokomola mpaka kunja kuyera. Tulo tawo tonse tinali ta masana, akadya, dzuwa litatenthetsa malata. Nesi wa kukiliniki anandiuza mosapita m'mbali kuti mankhwala angothandiza pang'ono, koma mkuluyu akapanda kupuma, thupi litha msanga. Maola atatu a masanawo ndinkawasamala ngati mazira.

Kenako m'chipinda chapakati munalowa banja latsopano, mnyamata wokumba golide m'tchire, mkazi wake ndi khanda. Mnyamatayo ankasowa masabata awiri, n'kubwera ali mbuu ndi fumbi, atatsogoza anzake. Anali ndi wailesi ya sipika yaikulu ngati chidebe cha madzi, yoyendera batire, moti ngakhale magetsi azime ife sitinkapuma. Ankaiika pakhomo m'mawa, nyimbo za sungura n'kumagunda mpaka dzuwa kulowa. Makapu pa shelefu yathu ankavina okha.

Ndinapita kawiri kukalankhula naye. Ulendo woyamba anandiyankha mwaulemu, “Ndazvinzwa, amai,” kuti wamva, n'kutsitsa. Sipanathe theka la ola, mnzake wina anakwezanso. Ulendo wachiwiri ndinapita mtima uli m'mwamba, ndipo zimene ndinalankhula sindingazibwereze pano. Ine pakamwa panga mpotentha, ngakhale kumsika kumene ndimagulitsa kaunjika amadziwa. Anyamata aja anangoseka, wina n'kufunsa ngati ndikufuna andipatse mowa kuti mtima utsike.

Mwini nyumba ankakhala ku Ascot, ku Gweru, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi. Ndinatenga foni kuti ndimuimbire ndimukhuthulire zonse. Ababa anandigwira dzanja.

“Ayi, mwanawe. Dandaulo sapereka ndi mkwiyo. Tenga pepala.”

Iwo anakulira m'komboni ya mgodi, kumene munthu akakulakwira sunkapita kukatukwana pakhomo pake. Unkapita ku ofesi ya komboni, kalaliki n'kulemba tsiku, nthawi ndi chimene chachitika. Ukayamba zoti uje ndi mfiti, uje ndi chidakwa, ankakutulutsa. Ababa ankakhulupirira njira imeneyo ngati katekisimu, ngakhale kuti ofesiyo inatsekedwa kalekale ndipo m'mawindo mwake munali mutamera udzu.

Anandiuza kuti ndiyambe ndalemba kwa masiku khumi nthawi imene wailesi yayatsidwa ndi imene yazimitsidwa. Ndinalemba kuseri kwa kalendala. Kenako tinakhala pansi kulemba kalata. Ine ndinkalemba m'Chishona, poti mwini nyumba Chichewa sankamva, n'kumawawerengera Ababa chiganizo chilichonse.

Ndinayamba ndi zoti anthu a chipinda chapakati ndi opanda khalidwe.

“Fufuta. Khalidwe lawo unaliyeza ndi chiyani?”

Ndinalemba zoti amabweretsa zidakwa pabwalo.

“Fufuta. Mowa wawo sutiletsa kugona. Chikutiletsa ndi wailesi.”

Ndinapsa mtima, ndinaponya cholembera pansi. Iwo anangodikira, akupuma movutikira, mpaka ndinachitola ndekha. Kalata imene inatsala inali yaifupi. Inati pa masiku khumi, wailesi inalira masiku asanu ndi atatu, kuyambira cha m'ma naini m'mawa mpaka cha m'ma sikisi madzulo. Inati m'chipinda mwathu muli munthu wodwala chifuwa amene amagona masana okha. Inati ndalankhula nawo kawiri, ndipo Ababa anandikakamiza kuwonjezera kuti ulendo wachiwiri ndinalankhula mosayenera. Pomaliza inapempha chinthu chimodzi: wailesi izizimitsidwa kuyambira wani koloko mpaka folo koloko masana. Sitinapemphe kuti munthu achotsedwe.

Kunena zoona, nditaiwerenga yonse ndinainyadira. Inalibe polowera.

Mwini nyumba anabwera Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Ndinamupatsa kalatayo ndi manja awiri. Ife tinkayesa akaiwerenga payekha n'kuitanira mnyamata uja pambali, monga ankachitira a ku ofesi ya komboni. Koma iyeyu anali munthu wa kumudzi ku Lower Gweru, wozolowera kuti nkhani imakambidwa onse ali pomwepo. Anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ana ine.

“Amai, mpaka tsamba? Kalata ngati tili kukhoti?”

Anaitana anthu a zipinda zonse kuti akhale pabwalo, pansi pa chingwe choyanikira zovala. Ababa ndinawatulutsira mpando. Mwini nyumba anaimirira n'kuwerenga kalata yathu mokweza, mawu ndi mawu. Atamaliza anafunsa mnyamata uja ngati muli bodza.

Mnyamatayo anakanda mutu. Anati bodza mulibe. Ine mumtima ndinati eya, lero lokha mwaona.

Apo mpamene mkazi wake analankhula. Anali mtsikana wofatsa, woonda, amene nthawi zonse ankatipatsa moni atagwada pang'ono. Anawomba m'manja kaye, n'kupempha danga m'Chishona.

“Pamusoroi, baba. Nanenso ndinene zoona zokhazokha, popeza lero ndi la zoona.” Anayang'ana pansi. “Sekuru, agogo athuwa, amayamba kutsokomola cha m'ma wani usiku. Amasiya kukamacha. Bedi lathu lili kukhoma lomwelo. Mwana amadzuka, amalira, ine ndimamuyendetsa m'chipinda mpaka m'mawa. Chibwerereni pano sindinagonepo usiku wathunthu. Sindinanene kwa munthu, chifukwa matenda si mlandu.”

Sanakweze mawu, sanawonjezere kanthu. Zikanakhala bwino akanatukwana, chifukwa pa zotukwana ine sindigonja. Ndinachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu. Miyezi yonseyo ndinkamva khanda lija likulira usiku, ndipo sindinadzifunsepo chimene chinkalidzutsa.

Mwini nyumba anagamula mwachangu, poti ankathamangira kombi, minibasi yobwerera ku Gweru. Wailesi izizima kuyambira wani mpaka folo. Kenako anawonjezera, mwina pofuna kuti mnyamata uja asaoneke woluza yekha, kuti pabwalo pano aliyense aziyang'ana phokoso lake.

Ababa anawomba m'manja pang'onopang'ono. “Aziko ndaba,” anatero m'chilankhulo chawo cha kumgodi, kutanthauza kuti palibe mlandu. “Mwanayu sananame ngakhale liwu limodzi.”

Mnyamata uja anasunga pangano. Wani koloko ikakwana, wailesi inkati zii, ngakhale anzake adandaule. Ababa anayamba kugona masana, kukamwa kuli yasa, ine n'kumayenda chonyang'ama. Usiku nawonso unakhala wa bata. Ine ndimagona ngati chipika ndikachoka kumsika, ndiye nditaona kuti sindikudzidzimukanso ndi chifuwa chawo, ndinati tulo ta masana tayamba kugwira ntchito. Ndinafika pouza amayi a kutchalitchi kuti kalata yaulemu imaposa mkangano.

Inali nyengo yozizira, ija ya ku Midlands imene madzi a m'beseni amaluma zala. Tsiku lina m'bandakucha ndinamva kugogoda. Anali mtsikana uja, mwana ali kumbuyo, atafunda bulangete.

“Amai, Sekuru vari panze. Ali panja. Si lero lokha. Ndapirira, koma lero kwazizira kwambiri.”

Ndinakoka nsalu ija. Pabedi panalibe munthu.

Ndinawapeza kuseri kwa chimbudzi, kumapeto kwa bwalo, kumene kulibe khoma la munthu aliyense. Anakhala pa chidebe chovundikira, atavala jasi lawo lakale la kumgodi, thaulo lili kukamwa. Miyendo yawo inali yozizira ngati chitsulo. Mtsikana uja anati wakhala akumva chitseko chathu chikutseguka usiku uliwonse kuyambira tsiku la msonkhano, masabata atatu athunthu.

Ndinawakalipira, bambo anga ondibereka, mawu amene ndimadandaula nawo mpaka lero. Ndinawafunsa ngati akufuna kudzipha. Mtsikana uja anagwada pa dothi lozizira lija.

“Sekuru, chonde, tsokomolerani m'nyumba. Ine sindinanene kuti mutuluke. Mwana azolowera.”

Ababa anadikira kuti mpweya ubwere.

“Tinapempha ndife,” anatero. “Iwo mbali yawo asunga. Ine ndisasunge yanga?”

Tinawalowetsa m'nyumba ife awiri. Kuyambira usiku umenewo ndinkagona nditatsamira chitseko kuti asatuluke, ndipo iwo ankatsokomolera mu pilo, kuyesetsa kubisa, mpaka maso kufiira. Koma kuzizira kunali kutalowa kale. Pasanathe sabata thupi linatentha, kuchipatala anati ndi chibayo pamwamba pa chifuwa chakale chija. Mnyamata wa wailesi uja ndi amene anawanyamula kumsana kukawakweza galimoto. Ababa anagonekedwa masiku anayi, lachisanu sanafike.

Anthu amanditonthoza kuti chifuwa chimenecho chikanawatenga basi, kalata kapena popanda kalata. Mwina ndi zoona. Komabe ndimadziwa kuti amene anayamba kudandaula za phokoso pabwalo lija ndine, ndipo sindinaime kaye n'kumvetsera kuti kwathu kukutuluka chiyani.

Maliro atatha ndinabwerera m'chipinda chija ndekha. Kumsika sindinapite kwa masabata awiri. Mnyamata uja anabwera kuchoka kutchire ndi anzake, wailesi n'kuyamba m'mawa monga kale, koma motsitsa. Wani koloko itakwana, anazimitsa. Mawa lake chimodzimodzi. Palibe amene anawauza kuti pangano latha, ndipo iwo sanafune kukhala oyamba kunena.

Ndinkakhala pabedi la Ababa maola atatu amenewo, bwalo lonse lili chete chifukwa cha munthu amene kulibe. Tsiku lachinayi ndinalephera kupirira. Ndinatuluka, ndinakagogoda pa chipinda chapakati. Anatsegula mtsikana uja.

“Muuze ayatse,” ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake. Palibe amene anasuntha. Ndinalowa ndekha m'chipinda mwawo, ndinagwada pa sipika ija kufunafuna poyatsira, koma misozi inali itadzaza m'maso moti sindinkaona mabatani.