Nyemba m'dzanja la akulu anga

Kwathu ku Ndake mimba yaing'ono sitchulidwa, choncho akulu anga atatenga mimba anapitiliza kupopela mankhwala m'thonje, ngakhale amuna awo osadziwa za mimbayo. "Akali magazi chabe," anandinong'oneza.

Zimene ndinaphunzila kusekondale za kakulidwe ka mluza zinandisowetsa mtendele. Pa sabata lachisanu ndi chimodzi la mimbayo ndinawaikila njele ya mapila m'dzanja. "Akulu, mwanayo ndi wamkulu chonchi, ndipo mtima wayamba kugunda." Pa lachisanu ndi chitatu ndinabweletsa nyemba. "Tizala tikuphuka. Ziwalo zikupangika tsopano, mankhwalawo angamuvulaze."

Anaifumbata nthawi yaitali. M'mawa mwake alamu, atauzidwa za mimbayo, anabeleka okha chopopela.

Pa sabata lakhumi ndi chiwili akulu anathyola okha ndimu, nandifunsa, "Wafika apa?"

"Inde. Salinso mluza, ndi kamwana."