Malo Anayi pa Invoisi Yatsopano

Kompyuta inafika pa ofesi yathu mvula ili pafupi, nthawi imene munthu wanzeru sasintha kanthu. Zinali zaka za matipate zija, aliyense wa lole atayamba kugulitsa feteleza, ndipo kampani yathu yaing'ono pa boma la Dedza inkafuna kuoneka yamakono. Ine ndinali kalaliki. Amanijala anandiunjikira mabuku a invoisi, aja a kaboni, nati zonse zimene makalabu a alimi anaitanitsa ndizilowetse m'makinamo. Ndinkataipa mpaka msana kuwawa, magetsi n'kuthima ndisanasunge, n'kuyambiranso. Abale, chaka chimenecho ndinatopa.

Ntchito yathu inkayenda chonchi. Kalabu ikaitanitsa feteleza, tinkalemba invoisi pamanja. Pepala loyera linkapita ndi alimi, lachikasu ku depoti yathu ya ku Linthipe. Kumeneko kunali achikulire ena, kalaliki wa depoti, amene anayamba ntchito ine ndisanabadwe. Alimi akafika ndi ngolo, iwo ankaika mapepala awiriwo pamodzi, akafanana n'kutsekula nyumba ya katundu. Tsopano alimi anali ndi mapepala awo akale a pamanja, koma ku depoti tinatumiza osindikizidwa pa kompyuta.

Dalaivala wa lole anabwerako akupukusa mutu. Anati achikulire akana kutulutsa ngakhale thumba limodzi, ati mapepalawo sakugwirizana ndipo iwo safuna kukafera kundende. Ngolo za ku Bembeke ndi kwina zinali zitandanda panja, ng'ombe zikudya udzu wa m'mbali mwa msewu.

Amanijala anapsa mtima. "Ndinanena ine kuti madalawa nthawi yawo inatha. Akapanda kutulutsa katundu sabata ino, apite akalime."

Achikulirewo anali ndi ana awiri ku sekondale, mkazi wawo wodwaladwala. Komanso ndiwo anandiphunzitsa kuika kaboni ndi mbali yoyenera nditangoyamba ntchito, osandiseka. Kunena zoona sanalakwe. Inenso nditaika mapepala awiriwo pamodzi ndinaona kuti munthu wosamala sangawakhulupirire.

Foni ya ku depoti inali itafa kalekale, choncho ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi bolopeni, zilembo zikuluzikulu. Ndimakumbukirabe zimene ndinalembamo, chifukwa ndinalemba katatu ndisanakhutire.

"Bambo, musadandaule, invoisi ndi yomwe ija, yangovala malaya ena. Choyamba, nambala yaikulu pamwambapo ndi ya kompyuta, isiyeni. Nambala yakale ya m'buku lathu ili m'kabokosi ka kumanja, ndiyo muifananitse ndi ya pa pepala la alimi. Chachiwiri, tsiku. Makinawa amayamba ndi mwezi, ndiye mukaona 11/05 si Meyi ayi, ndi pa 5 Novembala. Chachitatu, katundu sakulembedwanso m'matumba koma m'makilogalamu. Gawani ndi 50, mupeza matumba. Chachinayi, ndalama zonse pansi penipeni, zimenezo ziyenera kufanana ndendende ndi za pa pepala lakale. Mtengo wa pakatipo ukuoneka wachilendo chifukwa ndi wa kilogalamu imodzi, ndipo ndalama ya thiransipoti, imene kale tinkaiphatikiza mu mtengo wa thumba, tsopano ili pa mzere wakewake. Dzina la kalabu likaduka kumapeto, ndi kuchepa kwa malo chabe. Malo anayiwa akagwirizana, tulutsani katundu. Akasiyana ngakhale pamodzi, musatulutse, mundibwezere pepalalo."

Ndinatenganso invoisi imodzi n'kuzunguliza malo anayiwo ndi bolopeni yofiira, n'kuimata pa kakalatako. Dalaivala anandiseka, ati ndayamba uphunzitsi wa sukulu ya kwacha. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, azipita.

Zinatheka. Mawa lake ngolo zinayamba kuchoka zitadzaza. Achikulire anandibwezera mapepala awiri okha, ndipo onse awiri anali ndi vuto lenileni: pa lina ndinataipa makilogalamu a thumba limodzi mopitirira, pa lina nambala yakale ndinaisiya. Pamodzi ndi mapepalawo ananditumizira kabichi ziwiri zazikulu ndi mawu akuti, “Muuzeni mwana wangayo kuti Mulungu amuonjezere nzeru.” Ndinapuma. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Mvula itakhazikika ndipo chipwirikiti cha feteleza chitachepa, amanijala anapita kukayendera depoti, ine n'kuwaperekeza ndi mafailo. Tinapeza achikulire atavala jekete lawo la ku tchalitchi, pansi posesedwa bwino. Kakalata kanga anali atakamata pakhoma, pamwamba pa tebulo, atakakuta ndi pulasitiki kuti kasanyowe ndi chinyezi.

"Bwana, mwana uyu ndiye anatipulumutsa," anatero monyadira, akuloza pakhomapo. "Onani mmene anafotokozera. Ngakhale mwana wa sitandade faivi angamve."

Ndinafuna kuwatsina kuti asiye. Amanijala anayandikira, nawerenga mwakachetechete mpaka pansi, nabwereranso pamwamba.

"Ntchito yonse ya pano ndi imeneyi?" anafunsa.

"Pa mapepala, inde bwana," anayankha achikulire.

"Malo anayi basi?"

Ndinayesa kunena kuti pali zambiri, kuti achikulire amadziwa mlimi aliyense ndi nkhope, amadziwa thumba lonyowa ndi lobooka, amadziwa tcheyamani wa kalabu amene amabwera ndi pepala la mnzake. Amanijala anangoti, "Eya, eya," akuyang'ana wotchi. Pobwerera m'galimoto anandiuza kuti kakalatako ndikataipe bwino, tisindikize makope angapo. Anati dalaivala akhoza kumayang'ana yekha malo anayiwo pamene akutsitsa katundu, ndipo makiyi azisunga mlonda. Eni kampani anali atalamula kale kuti tichepetse antchito, amanijala ankangosowa poyambira.

Ndinali wokwiya, koma mkwiyo wa kalaliki umathera m'mimba. Nanenso ndinali ndi lendi, ndi amayi kumudzi oyembekezera ine. Kakalatako ndinakataipa. Kalata yowapumitsa ntchito achikulire ndinataipanso ine, popeza pa ofesi yonse wodziwa makinawo ndinali ndekha.

Achikulire anabwera kudzaitenga kumapeto kwa mwezi, m'mawa wa nkhungu. Anakwera minibasi kuchokera ku Linthipe, makiyi a depoti ali m'thumba la jekete. Amanijala anali atachoka, ati ali ndi msonkhano ku Lilongwe, ndipo anasiya envelopu pa tebulo langa. Achikulire ndinawapatsa mpando, ndinawafunsa za kunyumba, za amayi, za ana. Anayankha zonse mwaulemu ngati kale. Kenako anatulutsa makiyi n'kuwaika patebulo.

M'envelopumo munali kalata ndi pepala la malipiro awo omaliza, losindikizidwa pa kompyuta yomweyo, mizere ndi timabokosi tambirimbiri. Analiyang'ana nthawi yaitali. Analitembenuza kumbuyo, kunalibe kanthu, nalibwezanso.

"Mwana wanga," anatero, akulikankhira kwa ine, "iwe umatha kufotokoza. Apa ndiyang'ane pati?"

Sankandinyoza ayi, ankafunsa zenizeni. Ndinaimirira n'kuzungulira tebulo, ndinawasonyeza malipiro a mwezi, ndalama ya masiku a tchuthi amene sanapite, ndi zonse pamodzi pansi pake. Anawerengera pamtima, milomo ikugwedera, nati zili bwino, palibe cholakwika. Kenako anapempha bolopeni, ine n'kuwalozera posainira.