Chithunzi cha Amayi Mathero

Anjelina wa ku Ndunde ankalima tomato, koma mtima wake unali pa kompyuta. Anaiphunzira miyezi itatu ku Limbe, ndiye mu 2009 amayi a banki m'khonde atamusankha kukhala mlembi, anangoti laponda lamphawi. Anawalonjeza kalata ya nkhani za gulu yotuluka mwezi uliwonse, tsamba lake logawidwa pakati, gawo lakumanzere ndi lakumanja, ngati nyuzipepala yeniyeni.

Kalata yoyamba anailemba pa kompyuta ya mchemwali wake, mphunzitsi. Kumanzere anaika chithunzi cha wapampando, amayi Mathero, ndi mawu awo olimbikitsa gulu, kenako nkhani ya nkhumba imene Falesi, mmodzi wa amayi a gululo, anagula ndi phindu lake. Anaikopera pa fulashi, nakwera kabaza kupita kwa a Bernard, osindikiza mapepala paboma.

Koma kompyuta ya a Bernard inalibe mtundu wa zilembo umene iye anasankha, choncho inaikamo zake zonenepa. Mawu anakankhana mpaka mutu wa nkhani ya Falesi unadumphira kumanja, chithunzi n'kuutsatira. Anjelina, pothamangira msonkhano, anangopinda mapepala osawayang'ana.

Kumsonkhanoko amayi anapeza nkhope ya wapampando ili phee pansi pa mawu akuti "Yaswa ana khumi." Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Falesi anathawira kuseri kwa tchalitchi kukamalizira phwete lake.

"Mwana iwe," anatero amayi Mathero, "ukadzandiyalutsanso, kalata yakoyo idzathera pomwepo."

Anjelina anachita manyazi, ndipo zinamuwawa, pakuti kalatayo ankaikonda kuposa dimba. Mchemwali wake ndiye anamuululira chinsinsi: akamaliza kukonza tsamba, azilisunga ngati PDF, chifukwa imanyamula zilembo zake, ndipo chilichonse chimakhala pomwe wachisiya.

Mwezi wotsatira Anjelina anafikanso kwa a Bernard, nawapatsa fulashi.

"Achimwene, tatsegulani. Ndiye muchikoke chithunzicho tione."

A Bernard anayesa kuchikoka, koma sichinasunthe. Anjelina anavina pakati pa shopu, anthu odikira fotokope n'kumamupatsa njira. Panjira anaimitsa wakabaza kawiri kuti aonenso ngati wapampando akadali pamalo pake.

Amayi Mathero analandira pepala nkhope ili gwa. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenako anamukodola Anjelina kuti asendere pafupi.

"Pansi panga apa alembapo chiyani?" ananong'ona.

Apa m'pamene Anjelina anadziwa kuti mayiwa sankatha kuwerenga, ndipo mwezi watha anangomva kuseka osadziwa kuti pepala likuti chiyani, mpaka wina atawauza.

"Ndi dzina lanu, amayi. Esinati Mathero, wapampando."

Anayendetsa chala pa zilembozo pang'onopang'ono.

"Ndiye limaoneka chonchi? Mwezi wamawa ulikulitseko, maso angawa ndi okalamba."