Liwu Limene a Diretori Anatola

Nthawi ya nkhondo ndinkaphunzitsa ku Mongue, m'dziko la Mozambique. Anyamata awiri apachibale a m'kalasi mwanga atathawira ku Malawi, a diretori athu, akulu a sukuluyo, anayenera kudziwitsa boma m'Chipwitikizi. Liwu loti fugitivos, othawa, ankati n'lachimidzi. Anatsegula buku la mawu ofanana matanthauzo n'kutola loyamba: desertores.

"A diretori," ndinatero, "limenelo ndi la othawa usilikali. Lili patsogolo chifukwa cha afabeti basi. Bukuli silidziwa kuti tikunena ana asukulu."

"Buku silinama, aphunzitsi," anayankha osandiyang'ana.

Mpaka lero sindikhulupirira kuti analakwitsa mwangozi. Chipwitikizi ankachidziwa kutiposa tonse, ndipo munda wa bambo a anyamatawo ankausirira kuyambira kale. Asilikali atawatenga bambowo chifukwa cha liwulo, chimanga chawo anakolola ndi a diretori.