Mudzi wotsiriza pa tsamba loyamba

Nditasiyira sukulu pa folomu 3 chifukwa cha fizi, msuweni wanga anandipezera ntchito yotaipa ku kabungwe kena koona za zitsime ku Chirimba. Chinali chaka chachitatu cha matipate. Malipiro anali ongokwanira minibasi yochokera ku Ndirande, koma Chingerezi changa chinkaposa cha ena omwe ankavala mataye mu ofesimo.

Tsiku lina mayi oyang'anira pulojekiti anandiponyera lipoti lokhuthala ngati njerwa. Linali la kafukufuku wa mmene zitsime zathu zikugwirira ntchito. Olemba ake anali atapita kwawo osasiya chidule.

"Achimwene, mabwana akumana Lachisanu ndipo sangawerenge zonsezi," anatero mayiwo. "Masamba awiri basi. Cholinga, njira yofufuzira, zomwe apeza, tanthauzo lake, kenako zoyenera kuchita. Musaonjezere zanu."

"Nanga zotsalazo?"

"Zotsalazo ndi chakudya cha chiswe."

Ndinawerenga lonse. Olembawo anatsata midzi motsatira msewu, mmene galimoto yawo inayendera. Mudzi wotsiriza unali chakumapeto kwa lipoti: chitsime chake chinakumbidwa kumunsi kwa zimbudzi, madzi atayezedwa anapezeka oipa, ndipo ana ankatsekula m'mimba. Panalinso chithunzi chofotokopa cha mayi atanyamula ndowa, nkhope yake itadetsedwa ndi inki.

Nanenso ndinatsata msewu womwewo. Tsamba loyamba linadzaza ndi zitsime zabwino. Mudzi uja unalowa pa mfundo yomaliza ya tsamba lachiwiri, mizere iwiri, pamwamba pa malangizo. Sindinaname, sindinachotse kanthu. Mayi oyang'anira aja anangoona mitu ya nkhani, nati, "Mwaikhoza."

Lachisanu ndinaitanidwa kukalemba maminitsi. Wapampando, bambo wa jekete yotuwa, anawerenga tsamba loyamba akutakasa shuga mu tiyi.

"Ndiye kuti zikuyenda, eti?"

Onse anagwedeza mitu. Ndinamva pepala likuikidwa pa tebulo osatembenuzidwa. Ndinali ndi pakamwa, koma ndinadziuza kuti wotaipa sayankhula pa msonkhano wa akuluakulu.

Mvula itagwa, dalaivala wathu anabwera kuchokera kumudzi kuja nsapato zili matope. Anati anapeza maliro a mwana. Sananene kuti ndi madzi, inenso sindinafunse.

Mayi oyang'anira aja atamva anatulutsa masamba awiriwo, natembenuza, nawerenga mizere iwiri ija.

"Zinalimo," ndinatero.

"Ee, zinalimo. Nanenso sindinafikepo apa."

Madzulo omwewo ndinataipanso chidulecho, chitsime choipa pa mzere woyamba, lamulo loti chitsekedwe msanga pa wachiwiri. Wapampando anasaina m'mawa mwake, chitsime chinatsekedwa sabata yomweyo. Ntchito yonse yotaipanso inanditengera mphindi makumi awiri.

Chidule choyamba chija ndikadali nacho m'sutikesi. Ndikamatunga madzi pa kiyosiki kuno ku Ndirande, nthawi zina ndimaona mayi wa ndowa uja ali pamzere, nkhope yosaoneka bwino, akudikira kuti wina atembenuze tsamba.