Chingwe cha mamita 47

Amalume anga ndi amene anandiphunzitsa kugwira sipanala, ndipo mpaka lero sindinaone pulambala woyala mapaipi mwaudongo ngati iwo. Paipi yawo inkatsata khoma, kukhota pakona iliyonse, kuzungulira khonde, osaonekera pabwalo. Ankanena kuti paipi yodutsa chamtanda ndi ya anthu aulesi. Ine nditabwerako kusukulu ya zaumisiri ndinkadziwa kuti udongo umenewu umadya mphamvu ya madzi, koma munthu suyamba kuphunzitsa amalume ako tsiku lomwe wafika ndi satifiketi.

Nkhani inafika pampondachimera ku Area 25, panyumba ya mkulu wina wa mpingo wochokera kumpoto. Amalume anawaikira thanki pansanja, n'kukokera madzi kubafa latsopano kuseri kwa nyumba. Thanki inali yodzaza, koma shawa inkangodontha ngati denga lothonya. Bambowo anauza amalume mwaulemu kuti Loweruka likadutsa zili chomwecho aitana munthu wina. Ntchito zambiri za amalume zinkachokera kwa anthu a mpingo umenewo, ndipo ankayembekezeranso ina ya kutchalitchi kwawoko, ndiye kuchotsedwa pamenepa kunali kutha kwa dzina lawo.

Amalume anandiitana Lachinayi, ati ndikawathandize kupeza pamene patsekeka. Sipanatsekeke paliponse. Ndinayenda ndi tepi kuchokera pathanki kukafika kubafa, n'kupeza mamita 18 a paipi ya mamilimita 20. Kenako ndinawerenga maelibo, tokhotetsera paipi tija, ndipo analipo 14. Masitopukoko analipo atatu, chifukwa amalume ankakonda kuti munthu azitha kutseka madzi paliponse pamene wafuna.

Ndinadikira kuti eni nyumba alowe m'nyumba, ndipo ndinafotokoza chapansipansi. Madzi akamayenda amakhulana ndi paipi, n'kumataya mphamvu. Akafika pokhota kapena pavalavu amavundukavunduka, n'kutayanso ina. Kuti tidziwe kukula kwa vutolo, chokhota chilichonse timachiwerengera ngati paipi yowongoka yomwe ingadye mphamvu yofanana. Elibo imodzi imafanana ndi m'mimba mwa paipi kuchulukitsa ka 30, ndiye pa paipi iyi ndi masentimita 60. Sitopukoko ndiye chilombo, chifukwa madzi amapindika m'kati mwake ngakhale uitsekule yonse. Imodzi yokha imadya ngati paipi ya mamita pafupifupi asanu ndi awiri.

Amalume anaseka. Anati kachitsulo kokwana m'dzanja sikangatalike kuposa chipinda, ndipo anandifunsa ngati kusukulu kwathuko tinkasamba masamu. Zinandipsetsa mtima, sindinama. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti tsobola wakale sawawa, koma ndinameza mawuwo.

M'malo mwake ndinamasula chingwe chomwe ankamangira mapaipi panjinga yawo. Ndinachimanga kumwendo wa nsanja, n'kuyeza mamita 18 molunjika kugeti. Ndinawapempha kuti aziloza elibo iliyonse, ine ndiziwonjezera masentimita 60. Pa sitopukoko yoyamba chingwe chinatha, ndipo tinalumikiza chingwe choyanikira zovala. Pa yachitatu ndinali nditatuluka pageti, nditawoloka msewu, ndaima pafupi ndi benchi la mayi wogulitsa tomato. Tepi inati mamita 47.

"Amalume, madzi anu akuyenda ulendo wonsewu," ndinatero nditabwerera. "Thanki yakwera mamita awiri okha pamwamba pa shawa. Akafika atatopa."

Anayang'ana chingwe chija nthawi yaitali. Kenako anafunsa, osandiyang'ana, kuti chotsekera madzi cha mtundu wina chija, geti valavu, chimadya zingati. Ndinati valavu imeneyo ikatsekulidwa yonse siyifika ndi masentimita 20 omwe, popeza madzi amangodutsa molunjika.

Lachisanu tinagwetsa ntchito yawo yokongola ija. Tinakumba kangalande kodutsa pakati pa bwalo, njira ya anthu aulesi, ndipo paipi inatsika kufika mamita 15. Maelibo anatsala asanu, masitopukoko onse tinachotsa, n'kuika geti valavu imodzi pansi pa thanki. Ulendo wa madzi unangopitirira pang'ono mamita 18. Ndinali ndisanatsekule n'komwe, koma ndinkadziwa kuti zitheka. Shawa sinasanduke mathithi ayi, koma inatulutsa madzi oti munthu n'kusamba sopo n'kuchoka.

Mwini nyumba atabwera kudzaona, anaika dzanja m'madzimo n'kugwedeza mutu mokhutira. Ine ndinafulumira kunena kuti amalume apeza vuto ndipo alikonza. Ndinali nditakonzeratu bodza limeneli, chifukwa dzina lomwe linali pachiswe linali lawo, osati langa.

Amalume anali akukulunga chingwe chija pamkono. Anasiya, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Ayi, adada, wapeza ndi mwana wa mlongo wangayu," anatero. "Ine ndayala mapaipi moyo wanga wonse osadziwa kuti amatalika. Ntchito ya kutchalitchi ija mukatipatsa, ayambe wayeza iyeyu, ine ndizidula."