Mapazi a pa Kamera Yachitatu

Mayi uja anafika Lamlungu m'mawa ndisanatsuke n'komwe m'kamwa. Nthawi imeneyo ndinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Glenwood, mumzinda wa Durban. Mkati mwa sabata ndinkasamala maluwa a eni nyumba, kumapeto kwa sabata n'kumajambula maukwati ndi zochitika za Amalawi anzanga. Anandipatsa moni m'Chizulu ali pageti, ndipo sanayankhule Chichewa mpaka nditatseka chitseko.

"Achimwene, mundichotsemo mufilimu ija."

Ndinayesa nthabwala. Dzulo lake gulu lathu linali litavina pa siteji ya holo ina ku Pinetown, ndipo pa amayi asanu ndi anayi amene anavina chimtali, iyeyu ndiye anadzutsa anthu m'mipando. Ineyo ndinali nditamutsata ndi kamera yanga nyimbo yonse.

Sanaseke. Anandiuza kuti kumene amagulitsa zipatso, kwa zaka zisanu ndi chimodzi, anthu amadziwa kuti kwawo ndi ku Limpopo, m'dziko lomweli. N'chifukwa chake sadabwa Chizulu chake chikamapotoka. Chaka china anyamata odana ndi anthu obwera anafika n'kukhuthula benchi ya munthu wa ku Mozambique amene ankagulitsa pambali pake, iye akuonerera, ndipo munthuyo sanabwererenso. Anavomera kuvina pamaso pa makamera chifukwa anauzidwa kuti filimuyo ndi ya mamembala okha. Koma gule atatha, atcheya a gulu, poona mmene anthu anasangalalira, analengeza kuti aiika pa intaneti kuti tiyambe kuitanidwa kwina.

"Mnzanga wa pabenchi sachoka pafoni. Akangondiona ndikuimba Chichewa, eish, ndatha ine."

"Bwanji osawauza atcheya?"

"Amene aja? Pofika mawa Durban yense adziwa kuti ndimabisala."

Sananame. Atcheya anali telala wa ku Mangochi, munthu wamtima wabwino koma wa pakamwa posatseka. Komanso anali atakopera kale mu laputopu yawo zonse za m'makadi a makamera. Anali atandiuza kuti abwera 4 koloko, ndipo ndikachedwa monga mwa chizolowezi changa aikapo zimene ndinajambula ndi kamera yangayo mmene ziliri. Kamera imeneyo ndiyo inali ndi nkhope ya mayiyu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mtima unandipsa, sindibisa. Munthu wajambula chinthu chokoma kamodzi pa chaka, wina n'kubwera kudzati uchiwononge ndi manja ako omwe. Ndinamuuza kuti ndikhoza kungomuphimba nkhope ndi chifunga. Ndisanamalize ndinazindikira ndekha kupusa kwake: pa amayi asanu ndi anayi, mmodzi wopanda nkhope ndiye aliyense angafunse kuti ndani. Anakhala pa bedi, chikwama chake pamiyendo, ine ndinayatsa kompyuta.

Makamera anali atatu. Yoyamba inali kumbuyo kwa holo pa miyendo yake itatu, yosagwedezeka, yoona siteji yonse. Yachiwiri inali yanga, kumanzere, yotola nkhope. Yachitatu, kumanja, ndinapatsa mnzanga wina mlonda amene anali asanagwirepo kamera chibadwire. Gule asanayambe ndinakwera pa siteji n'kuomba m'manja kamodzi, onse atatu akujambula. Kuomba kumeneko kumaoneka ngati kamtengo kosongoka pa mzere wa mawu wa kamera iliyonse, ndiye ukalinganiza timitengo titatuto, makamera onse amayendera limodzi. Mawu enieni ndinatenga pa makina a m'holo, ndipo amenewo sakhudzidwa; chimene chimasintha ndi chithunzi chokha. Pa sikirini pamabwera mawindo atatu, filimu n'kumayenda, iwe n'kumadina wani, thu kapena fili kusankha amene woonera aone.

Masiku onse ndimadina kutsata chokoma. Tsiku limenelo ndinkadina kuthawa munthu.

Chimtali ndi gule wozungulira, ndiye vuto linali pamenepo. Mayiyu ankatulukira pa kamera yanga, n'kudutsa kutsogolo kwa siteji atapereka msana, n'kukatulukira pa kamera ya mlonda, kenaka n'kuzungulira kumbuyo nkhope itayang'ana holo yonse. Ndinayamba kuwerenga ng'oma. Akakhala kutsogolo, msana uli kwa ife, ndinkagwiritsa ntchito yoyamba. Akamayandikira kumanja ndinkathawira kwanga kumanzere, kumene panthawiyo kunali amayi ena. Akafika kumbuyo ndinkafuna aliyense amene kamera ya mlonda yagwira. Ndipo sungadule paliponse. Ukadula pakati pa sitepe, diso la woonera limapunthwa. Uyenera kudula pamene ng'oma yaikulu yagunda, phazi likutera, kuti munthu asamve n'komwe kuti wamusamutsa.

Nditadutsa koyamba ndinabwerera kukayang'ana podula paliponse, fulemu imodziimodzi. Pa sekondi imodzi pamakhala mafulemu, kapena kuti tizithunzi, makumi awiri ndi asanu, ndipo munthu wofuna kukudziwa amangoimitsa filimu pa imodzi. Kawiri konse ndinapeza theka la nkhope yake likusuzumira m'mphepete, ndinasuntha podulapo pang'ono. Penanso ndinakuza chithunzi kuti iye agwere kunja.

"Apo! Ndine uyo," ankatero ali kumbuyo kwanga.

"Ndi chigongono chimenecho, mayi. Chigongono chilibe dziko."

Sanaseke, ndipo ine ndinachita manyazi.

Itakwana 2 koloko ndinafika pamene ndinkaopa. Kumapeto kwa nyimbo bwalo linatseguka, iye n'kulowa pakati yekha kwa masekondi khumi ndi awiri. Pa yoyamba anali pakatikati, magetsi onse ali pa iye. Pa yanga nkhope inadzaza windo lonse, thukuta likunyezimira, akumwetulira mmene sindinamuonepo akumwetulira m'tauni muno. Kudula chigawo chonsecho sikukanatheka, chifukwa nyimbo ikanadumpha ndipo atcheya ankaidziwa ngati dzina lawo.

Ndinayang'ana windo lachitatu ndilibe chiyembekezo. Dzulo lake ndinali nditamukalipira mlonda uja pamaso pa anthu, chifukwa dzanja litatopa ankalola kamera kuweramira pansi. Ndinamuuza kuti ndinamutuma kujambula anthu osati matabwa. Ndipo apa, pa masekondi omwewa, kamera yake inali itawerama. Munali mapazi awiri opanda nsapato, m'mphepete mwa chitenje, ndi matabwa a siteji. Phazi lamanzere linali ndi chipsera chachitali pamwamba, ndipo chidendene chinkakhwekhwereza pang'ono chisanamenye pansi. Anawagwira bwinobwino masekondi asanu ndi awiri, kenaka anadzidzimuka n'kukweza kamera kumaso.

Anatsala masekondi asanu opanda pothawira. Ndinafufuza m'kamera yanga mpaka ndinapeza pamene ndinatembenukira kwa anthu oonera, m'nyimbo yomweyo koma chakumayambiriro, amayi ena ataimirira akuomba m'manja. Ndinabwereka chithunzicho n'kuchiika pamenepo. Manja awo ankaomba mosemphana ndi ng'oma. Ndinachisuntha fulemu imodzi, ina, inanso, mpaka manja ndi ng'oma zinakumana. Linali bodza, koma laling'ono: anthuwo anaombadi m'manja, kungoti osati nthawi imeneyo.

Atcheya anafika isanakwane n'komwe 4 koloko. Titamva geti, mayi uja analowa m'bafa n'kukoka chitseko. Atcheya anakhala pa mpando wanga, kofia ili pamutu, tepi yoyezera ikadali m'khosi, ine ndinaimirira kumbuyo kwawo. Poyamba ankagwedeza mutu motsata ng'oma. Chakumapeto anasiya.

"Bwezani pamenepo."

Ndinabweza.

"Mayi wa ku Dowa uja ali kuti? Amene anatiimiritsa tonse uja?"

"Ndi ameneyo, atcheya. Mapaziwo."

"Ine ndasonkhanitsa anthu, ndapempha holo, kuti dziko lione mapazi? Inu simunali naye pankhope? Ndinaona ndekha mu laputopu."

Ndikanatha kunena kuti chithunzi changa chinali chosawala bwino, koma anali atachiona. Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa, ndinakwiya. Ndinawafunsa ngati ine ndinalowapo m'shopu mwawo kukawauza pomwe adule nsalu. Ndinati chimtali chili m'mapazi ndi m'chiuno, nkhope aliyense ali nayo. Ndinati ngati akufuna kuika zosakonza aike, koma dzina langa lisaonekepo ndipo chaka chamawa adzajambule okha ndi foni. Iwo ankayesa ndi ukali, pamene anali mantha.

Kenaka maso awo anagwera pa bedi, pamene panali chikwama cha mayi uja, chimene iwo omwe anasoka ndi nsalu yotsala ya yunifolomu ya gulu. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana chitseko cha bafa.

"Bwezaninso," anatero motsitsa mawu.

Anaonera mapazi aja kachitatu.

"Yebo. Mwina mukunena zoona. Mapaziwa akuvina." Anaimirira n'kukonza kofia. "Zija zili mu laputopu zikungondidyera malo. Ndikafika ndikafufuta."

Anatuluka osayang'ananso kubafa. Mpaka lero sindinamvepo kuti anauza munthu, ndipo ndimavomereza kuti ndinawayeza molakwa.

Mayi uja atatuluka anapempha kuti aonere yonse kuyambira poyamba. Anaona msana wake, chigongono chake, mpango wake ukudutsa. Itatha anapuma mwamphamvu n'kunena kuti zikomo. Kenaka anati, "Amayi anga kumudzi ndinawauza kuti adikire, andiona ndikuvina. Zaka zisanu ndi chimodzi sanandione."

Ndinati ndiwapangira yawoyawo, yokhala ndi nkhope, ndi ntchito ya ola limodzi. Anakana. Amayi akewo alibe foni yoonetsa mafilimu, amakaonera kwa aneba, ndipo chinthu chikalowa m'foni ya aneba chimamera miyendo. Ndinamuonetsa windo lachiwiri lija komaliza, nkhope yake ikumwetulira. Analiyang'ana osaphethira, n'kundiuza kuti ndifufute iye akuona. Ndinafufuta pa kompyuta ndi pa khadi pomwe. Zinandiwawa kwambiri, ndipo sindinajambulepo chinthu chokoma chotero kuyambira pamenepo.

Patapita masiku anayi, filimu ili kale pa intaneti, mayi uja ananditumizira uthenga wamawu umene unachokera kumudzi. Ndinaumvera ndili m'munda wa maluwa, foni nditaikanikiza kukhutu kuti eni nyumba asamve. Anali mawu a mayi wokalamba, nkhuku zikulira kumbuyo.

"Mwanawe, anthu kuno akuti iwe mulibemo mufilimu. Ine ndawauza kuti bwezani. Phazi limenelo ndinalimanga ndine ndi kansalu tsiku limene unadzitema ndi khasu. Ndakuona, mwana wanga. Koma n'chifukwa chiyani sanakuonetse kumaso?"

Pansi pa uthengawo mayi uja analemba kuti: "Achimwene, ndiwayankhe chiyani?"

Ndinakhala pa udzu foni ili m'manja, payipi ikungothira madzi pamalo amodzi.